Mutu uti upatsidwe masamba ambiri m'manotsi a masamu a MSCE?

"Ndikulembanso MSCE chaka chino ndipo ndimaphunzira madzulo kuno ku Chinamwali ndikaweruka kuntchito. Masamu ndinapeza 8. Ndagula kope lolembamo manotsi obwerezera, koma mitu yachuluka ndipo nthawi yandithera. Ndiyambire pati, ndipo ndi mitu iti yomwe ndiyenera kulemba kwambiri?"

Achemwali, ine ndimaphunzitsa masamu kuno ku Zomba, ndipo chimene ndakhala ndikuona m'makope a olembanso mayeso n'chakuti masamba ambiri amathera pa mitu yomwe mwinikopeyo amaidziwa kale, chifukwa ndiyo imakoma kulemba, pamene mutu womwe unamugwetsa umapatsidwa mizere itatu kumapeto. Kuti zimenezi zisakuchitikireni, mutu uliwonse muufunse funso limodzi lokha: kodi pamutu umenewu ndimataya malikisi angati? Yankho lake limachokera pa zinthu ziwiri, kulemera kwa mutuwo pamayeso ndi kufooka kwanu pamutuwo, ndipo zonse ziwiri muyenera kuziyeza ndi cholembera m'manja, osati kungoganizira.

Tiyambe ndi kulemera. Silabasi, yomwe imakonzedwa ku MIE ku Domasi, imakuuzani zoyenera kudziwa, koma kuti muone malikisi omwe a MANEB amaika pamutu uliwonse muyenera kuwerengetsa nokha kuchokera m'mapepala a mayeso a m'mbuyo. Pezani mapepala a zaka zisanu zaposachedwa, pepala loyamba ndi lachiwiri lomwe, ndipo musadalire akale kwambiri chifukwa silabasi inasintha. Mukukumbukira kuti kusintha komweko ndi kumene kunagawa sayansi ija pawiri kukhala fizikisi ndi kemisitire. Papepala lalikulu lembani mitu yonse ya folomu 3 ndi folomu 4 motsitsa kumanzere, zaka muziike pamwamba, kenaka dutsani funso ndi funso n'kumalemba malikisi ake m'bokosi la mutu wake. Simukuyankha mafunsowo panthawiyi, mukungowasanja basi, choncho madzulo awiri akukwanirani. Mukamaliza, phatikizani malikisi a mutu uliwonse ndi kugawa ndi 5 kuti mupeze avareji ya pachaka.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza kuwerengetsaku. Choyamba ndi mafunso osankha a m'pepala lachiwiri. Funso lomwe mungathe kulidumpha silifanana ndi funso lokakamiza, choncho malikisi ake muziwalemba ndi inki ya mtundu wina, ndipo powerengetsa muzitenga theka lake, kupatula ngati mwatsimikiza kale kuti mudzalisankha. Chachiwiri ndi mafunso okhala ndi mitu iwiri, monga funso la chinthu chooneka ngati piramidi lomwe mkati mwake mukufunika tirigonometire. Malikisi ake muziwagawira mitu yonse iwiriyo, apo ayi tirigonometire idzaoneka yopepuka pamene ili ponseponse.

Kufooka ndi kumene anthu ambiri amadzinamiza. Munthu akatsegula buku n'kuona chitsanzo chosovedwa kale amagwedeza mutu kuti akuchimva, koma kumva chitsanzo cha wina ndi kusova wekha ndi zinthu zosiyana kwambiri. Muyeso woona ndi uwu: tengani mafunso anayi kapena asanu a mutu umodzi kuchokera m'mapepala aja, tsekani mabuku, ikani wotchi patsogolo, ndipo dzipatseni nthawi yofanana ndi ya m'chipinda cha mayeso. Nthawiyo mumaipeza pogawa mphindi zolembedwa pachikuto cha pepala ndi malikisi onse. Ngati ndi mphindi 120 pa malikisi 100, ndiye kuti funso la malikisi 5 likuyenera mphindi 6 zokha. Kuchonga mupatse mphunzitsi kapena mnzanu wosanyengerera, pakuti podzichongera tokha timadzikhululukira msanga.

Tsopano ndikuonetseni mmene ziwirizi zimakumanirana. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, ndawapanga kuti njira ioneke, ndipo anu enieni adzachokera papepala lanu lija. Tiyerekeze kuti jometire ya mabwalo imabwera ndi malikisi 20 pachaka ndipo inu mumapeza gawo limodzi mwa magawo anayi, kutanthauza 5, ndiye mukutaya 15. Makwadiratiki amabwera ndi 16 koma mumapeza 12, mukutaya 4. Tirigonometire ili ndi 12, mumapeza 4, mukutaya 8. Pulobabilite ili ndi 10, mumapeza 8, mukutaya 2. Matirikisi ali ndi 6 ndipo simupezapo kanthu, mukutaya 6 yense. Mukasanja potengera zotayikazi, jometire ikubwera pamwamba, kenaka tirigonometire, matirikisi, makwadiratiki, ndipo pulobabilite ili pansi penipeni.

Taonani chimene chachitika apa, chifukwa ndiye phata la nkhani yonseyi. Mukanatsata kulemera kokha, makwadiratiki akanakhala achiwiri n'kudya masamba khumi, chonsecho pamenepo mungaonjezerepo malikisi 4 okha ngakhale mutalimbikira motani. Mukanatsata mantha okha, matirikisi akanakhala oyamba chifukwa ndi pamene muli ndi ziro, koma ngakhale mutawadziwa bwinobwino simungapeze zoposa 6, pamene theka lokha la zomwe mumataya pa jometire likuposa kale pamenepo. Inu amene munapeza giredi 8, chimene mukufuna ndi kufika pa 6 kapena giredi yabwino kuposa imeneyo kuti masamu akhale keredeti, ndipo ulendo umenewo umafupika mukalunjika pomwe malikisi akutayikira ochuluka.

Kugawa masamba kumatsatira manambala omwewo. M'chitsanzo chathu zotayika zonse zikukwana 35, ndiye ngati mitu isanuyi mwaisungira masamba 40, patulani 5 oti mudzalembepo zolakwa zatsopano, ndipo otsalawo akhale tsamba limodzi pa malikisi amodzi otayika: jometire 15, tirigonometire 8, matirikisi 6, makwadiratiki 4, pulobabilite 2. Komabe nambalayo muitenge ngati malire osapyola, osati ngongole yoti mubweze. Matirikisi ali ndi malamulo ochepa, monga lakuti pochulukitsa mumatenga mzere wopingasa wa woyamba ndi mzere wotsika wa wachiwiri, komanso kuti AB kawirikawiri safanana ndi BA, ndipo zonsezi pamodzi ndi zitsanzo zitatu zingakwane pamasamba awiri. Anayi otsalawo muwapereke ku tirigonometire, yomwe imafuna malo ojambulira.

Musanadzaze masamba amenewa, bwererani ku mayankho omwe anakuchongerani aja ndipo pamalikisi aliwonse otayika mulembe chifukwa chake, pakuti si kufooka kulikonse kumene kumachizika ndi manotsi. Mtsikana wina yemwe ndinamuphunzitsa ankalephera pafupifupi funso lililonse la tirigonometire, ndipo anali atakopera masamba khumi ndi awiri a mutuwo mwaukhondo, mitu yake ataidula mzere ndi inki yofiira. Titakhala pansi ndinaona kuti fomula ankalemba yolondola, a² = b² + c² − 2bc cos A, manambala ankalowetsa bwino, koma yankho lomaliza linkatuluka lachilendo nthawi zonse. Nditatenga kakyuleta yake ndinapeza kuti pamwamba pa sikirini pakuoneka R m'malo mwa D, kutanthauza kuti inkawerenga maengo m'maradiyani osati m'madigiri. Vuto lonselo linafuna mzere umodzi wokha m'kope mwake, wakuti asanayambe azidina sin 30 ndipo ngati sipatuluka 0.5 akonze kaye kakyuletayo. Ndimamvabe chisoni ndikakumbukira nthawi yomwe anataya pokopera, ndipo n'chifukwa chake ndikuumirira kuti mufufuze chifukwa musanalembe.

Ngati chifukwa chake ndi kusadziwa lamulo kapena kusazindikira pomwe likugwira ntchito, pamenepo ndiye manotsi ayenera kutalika. Pa jometire ya mabwalo, ophunzira ambiri amaloweza kuti engo ya pakati pa bwalo ndi yowirikiza kawiri engo ya m'mphepete, kuti engo ya m'theka la bwalo ndi 90°, kuti maengo oyang'anizana a chithunzi cha mbali zinayi chomwe ngodya zake zonse zili pabwalo amakwana 180°, koma chithunzicho chikangotembenuzidwa saonanso chilichonse. Choncho masamba 15 aja asadzaze ndi mawu. Lamulo lililonse likhale ndi zithunzi zitatu zojambulidwa mosiyana, china chozondoka, china chokhala ndi mizere yosokoneza, ndipo pambali pake mulembe chifukwa mwachidule monga mmene mudzalembere pamayeso, popeza pamafunso ofuna kutsimikizira, chifukwacho ndi mbali ya yankho. Koma ngati chifukwa chake ndi kuchedwa, manotsi sakuthandizani, chofunika ndi kusova mafunso ambiri wotchi ili patsogolo. Ndipo ngati ndi kuphonya zizindikiro za kuchotsera kapena kusokoneza mafulakishoni, vutolo si la mutu womwe mwalepherawo, lili pansi pake.

Mfundo yomalizayi ndi imene pepala lanu la malikisi silingakuonetseni palokha. Luso losuntha zilembo m'maikweshoni, kutsegula mabulaketi ndi kufakitoraiza limaoneka ngati lili ndi malikisi ochepa likamafunsidwa palokha, koma limabisala pafupifupi m'funso lililonse. Mukaona kuti cholakwa chimodzimodzi chikubwera m'mitu itatu yosiyana, chipatseni masamba ake kumayambiriro kwa kope ngakhale kuwerengetsa kuja kusanene choncho.

Mutu womwe sunabwere m'zaka zisanuzo musautaye, chifukwa chilichonse chomwe chili m'silabasi a MANEB ali ndi ufulu wochifunsa, ndipo zaka zisanu ndi zochepa kuti munthu alosere nazo. Uliwonse wotero upatseni theka la tsamba, fomula ndi chitsanzo chimodzi. Chimodzimodzinso mitu yomwe mumaikhoza, monga pulobabilite m'chitsanzo chathu: masamba ake ndi ochepa, koma sabata iliyonse muzisovako funso limodzi kuti dzanja lisaiwale.

Pakatha masabata atatu kapena anayi, dziyeseninso ndi mafunso omwe simunawasovepo, ndipo n'chifukwa chake ndi bwino kusunga mapepala a chaka chimodzi osawasova mpaka nthawi imeneyo. Ngati jometire yakwera kuchoka pa 5 kufika pa 13, zotayika zatsika kufika pa 7 ndipo tirigonometire ndiyo yakhala pamwamba, choncho madzulo anu asamukire kumeneko. Koma ngati mwalemba masamba onse 15 ndipo malikisi sanasunthe, musaonjezere tsamba lina. Tengani mafunso awiri omwe mwalephera, mupite nawo kwa mphunzitsi wanu, musove iye akuyang'ana mpaka aone mzere weniweni pomwe mumasokonekera.