Wogulitsa watsopano ayambe ndi buku la ngongole, osati ndi kalata

"Akuluakulu, ndili ndi sitolo yopikulitsa katundu wa m'magolosale pa Kasungu boma. Bambo amene akhala akuyendera makasitomala athu kwa zaka zisanu ndi chimodzi akusiya ntchito kumapeto kwa mwezi uno, ndipo talemba mnyamata wina. Ndimudziwitse bwanji kwa makasitomala kuti mitima yawo ikhale m'malo, asayambe kukaoda kwina?"

Bambo, popeza akuluwo akadali pantchito mpaka mwezi uthe, muli ndi mwayi umene ambiri sakhala nawo, ndipo masabata atsalawa asathere m'sitolo. Ine ndayang'anirapo anthu oyenda ndi malonda kuyambira pa Chinkhoma mpaka pa Nkhamenya, ndipo chimene ndinaona n'chakuti mwini golosale sasowa tulo chifukwa cha nkhope yachilendo ayi. Mumtima mwake mumakhala mafunso awiri: kodi ngongole yanga ikudziwika monga mmene ilili, nanga zimene tinagwirizana pakamwa ndi achokawa zipitirira? Mukayankha mafunso awiriwo pamaso pake, zina zonse zimayenda zokha.

Choncho musanatuluke, khalani pansi anthu atatu, inu, akuluwo ndi mnyamatayo, mudutse kasitomala mmodzimmodzi. Dzina ndi nambala ya foni muli nazo kale m'buku. Chimene mukufuna ndi zija zili m'mutu mwa akuluwo zokha: kuti uyu amalipira pakatha masiku khumi ndi anayi ngakhale lamulo la sitolo likunena masiku asanu ndi awiri, kuti uyo akatenga mabelo khumi a shuga timamuchotserako pang'ono, kuti pa golosale yakutiyakuti wokhala pakauntala ndi mphwake wa mwini golosale koma wolamula ndalama ndi mayi a kunyumba. Pa zimenezi mupezapo malonjezo ena amene inu simunawavomerezepo. Musawathetse mwezi uno. Alembeni, muwasunge kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo ngati alipo oyenera kusinthidwa mudzawasinthe nokha ndi pakamwa panu, chifukwa mnyamatayo akangofika n'kufupikitsa masiku a ngongole, anthu adzati ndiye wabweretsa nkhanza, ndipo dzina limenelo silidzamuchoka.

Makasitomala akuluakulu, mwina khumi amene amatenga katundu wambiri, muwaimbire foni inuyo asanamve kwa dalaivala kapena pamsika. Mawu ake ndi ochepa: akuluwo akupuma kumapeto kwa mwezi, tsiku lakuti abwera ndi wolowa m'malo mwawo, mitengo ndi tsiku lobweretsa katundu sizikusintha. Uthenga wa pa WhatsApp wokhala ndi chithunzi cha mnyamatayo ubwere pambuyo, ngati umboni chabe.

Kenako ayende limodzi, ndipo ine ndimaumirira kuti njira iliyonse idutsidwe kawiri. Tinene kuti tsiku lina ndi la Chatoloma ndi Nkhamenya, lina la Santhe, lina la Mtunthama ndi Chamama. Ulendo woyamba wolankhula ndi akuluwo. Apereke moni monga mwa masiku onse, afunse za kunyumba, ndipo atchule mnyamatayo ndi dzina la bambo ake kapena mfunda wake pamodzi ndi kwawo, osati kungoti "kamnyamata kathu aka", pakuti munthu wodziwitsidwa mopeputsa sangadzatolere ngongole kwa bambo wa msinkhu wa atate ake. Mnyamatayo tsiku limenelo asatsatse kanthu, amvetsere ndi kulemba basi. Ulendo wachiwiri asinthane: iye atenge oda, awerenge katundu, alembe lisiti, akuluwo ataima chapambali. Mwini golosale akatembenukira kwa akuluwo ndi funso, iwo ayankhe kuti, "Afunseni awa, ndi amene agwira buku tsopano." Akuluwo akamangoyankha okha chifukwa cha chizolowezi, ulendo wonsewo wapita pachabe.

Pa ulendo woyamba womwewo ndi pamene pakhale ntchito imene ndaika m'mutu wa yankho lino, yofananitsa buku lanu ndi la kasitomala. Ndipereke chitsanzo cha zimene zinationekera ife kwa mayi ena a golosale. Buku lathu linkanena kuti ali ndi ngongole ya K480,000, iwo n'kumati ndi K350,000. Kusiyana kwake kunali K130,000, ndipo mayiwo nkhope inali itasintha kale, akuona ngati tikufuna kuwabera pakati pa kusinthana kwa anthu. Chifukwa wogulitsa wakale anali pomwepo, nkhaniyo inatha tisananyamuke. Mayiwo anatsegula foni n'kutionetsa uthenga wa Airtel Money wa K100,000 imene anatumiza ku nambala ya wogulitsayo, iye n'kukapereka ndalamazo kusitolo, koma wolemba buku sanazichotse pa dzina lawo. K30,000 yotsalayo inali ya sopo amene ananyowa ndi mvula m'galimoto n'kubwezedwa popanda kapepala. Tinalemba K350,000 pa mapepala awiri, mayiwo anasaina, wakale anasaina, watsopano anasainanso, pepala lina n'kutsala m'golosalemo. Mnyamatayo akanapita yekha mwezi wotsatira n'kutchula K480,000, sakanatha kufotokoza chilichonse, ndipo mayiwo akanangotseka nkhani ndi ife, pakuti opikulitsa ndi ambiri pa boma, ndiponso galimoto zochokera ku Lilongwe zimadutsa pa M1 tsiku ndi tsiku.

Nkhani ya mayiwa ikusonyezanso msampha wa nambala ya foni. Ngati makasitomala anazolowera kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya akuluwo, apitiriza kutero ngakhale iwo atachoka, osati mwachinyengo koma chifukwa ndi nambala imene ili m'foni. Ngati simukhadi ndi ya sitolo, itsale ndi kupita kwa mnyamatayo. Ngati ndi yawoyawo, sitolo ikhale ndi nambala yake yolandirira ndalama, ilembedwe pa lisiti lililonse, ndipo akuluwo anene okha pamaso pa kasitomala kuti kuyambira tsiku lakuti asawatumizirenso kalikonse. Ndipo chonde musabwereze vutoli polola mnyamatayo kulandirira pa nambala yake.

Ena afunsa chifukwa chimene akuluwo akuchokera. Gwirizanani yankho limodzi loona ndi lalifupi, ndipo mnyamatayo asayerekeze kuwanyoza, ngakhale kasitomala atayamba yekha kuwadandaula, pakuti nthawi zambiri kumakhala kumuyesa kuti aone ngati ali ndi pakamwa.

Muganizirenso nyengo. Kuno ndalama zimayenda ndi fodya, soya ndi mtedza, kotero miyezi ya Januwale ndi Febuluwale eni magolosale ambiri amakhala atakongozanso alimi ndipo amachedwa kulipira, kudikira kuti msika wa fodya utsegulidwe cha mu Epulo. Kusinthana kukachitika nthawi imeneyo, ngongole zakale zovuta muzitsate inuyo, mnyamatayo asayambe ntchito ngati wolonjerera.

Akuluwo atachoka, musadalire mawu akuti zonse zili bwino, chifukwa kasitomala wokhumudwa sakangana nanu, amangochepetsa oda. Yang'anani m'buku: amene ankatenga makatoni makumi awiri sabata iliyonse akatsika kufika pa asanu kawiri kotsatizana, kapena akayamba kuimbira inu pa zinthu zazing'ono zimene kale ankamaliza ndi wogulitsa, ndiye kuti pali chimene sichinakhale bwino. Pakatha milungu itatu aimbireni aja khumi munawaimbira poyamba, muwafunse ngati katundu akufika tsiku lake ndiponso ngati lisiti likugwirizana ndi zimene zatsitsidwa. Amene mwamumva kuti akuyankha mozemba, kwerani galimoto ya katundu ulendo wotsatira mukamuone nokha, mnyamatayo ali pomwepo, buku lili m'manja mwake.