Azakhali, foni yanuyo ilibe vuto

"Mwanangu, achimwene ako a ku Joni anditumizira linki pa WhatsApp, ati Lamulungu madzulo tikambirane za chinkhoswe cha mwana wawo tikuonana nkhope pa Zoom. Ndikaidina pakungobwera tsamba loyera, basi zii. Mdzukulu anayesa pa foni yake, tinalowa, koma mawu osamveka. Kodi foni yangayi yakalamba? Ndine azakhali ako a ku Chiputula."

Zikomo azakhali. Foniyo musaitaye, ndikuidziwa, ntchito imeneyi iitha bwinobwino. Tsamba loyeralo kawirikawiri limabwera chifukwa cha bandulo. Mumakonda kugula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo imeneyo imatsegula WhatsApp basi. Linkiyo yangodzera pa WhatsApp, koma mukaidina imakutulutsani kupita ku Zoom, komwe bandulo ija sifikako. Zili ngati mwalipira minibasi yothera m'tauni pomwe ulendo wanu ndi wa ku Ekwendeni. Choncho Loweruka mukapite kwa ejenti, kaya wa Airtel kaya wa TNM, mukanene kuti mukufuna bandulo ya intaneti yotsegula chilichonse. Kanema amadya deta kwambiri. Kukambirana kwa anthu angapo kwa ola limodzi kukhoza kutha pafupifupi 1GB, ndiye yocheperapo musagule.

Tsiku lomwelo, osadikira Lamulungu, ikani Zoom m'foni. Tsegulani Play Store, lembani Zoom, muona chizindikiro cha buluu cholembedwa Zoom Workplace. Dinani Install, kenako dikirani ithe. Ikakufunsani za Sign Up kapena Sign In, zisiyeni. Inu ndinu woitanidwa, akaunti siikufunika. Apa mpamene ambiri amagwa ulesi, kuyesa kukumbukira mapasiwedi osafunika n'komwe.

Tsopano Lamulungu. Ku Joni ndi kuno nthawi ndi imodzimodzi, akati 6 koloko ndi 6 koloko yathu yomweyi. Foni muitchajiretu masana, ndipo muyambe kukadali mphindi khumi. Bwererani ku uthenga wa achimwene, dinani linki ija kamodzi kokha. Zoom itseguka yokha n'kufunsa dzina. Lembani dzina loti abale alizindikire, monga "Azakhali Mzuzu", chifukwa mukasiya dzina la foni, wotsegulira anthu akhoza kukukayikirani. Ikapempha chilolezo cha kamera ndi maikolofoni, dinani Allow kapena While using the app. Mukakana apa, anzanu sakuonani ndipo sakumvani.

Mwina muona mawu achingerezi onena kuti mudikire, host akulowetsani. Sikuti zakanika ayi. Muli pakhomo, mwaodira, mwini msonkhano ndiye sanakutsegulireni. Musatuluke n'kumadinanso linki. Zikapitirira mphindi zisanu, atumizireni uthenga achimwenewo.

Za mawu zija ndiye mumvetsetse, pakuti ndi zimene zinakuchitikirani ndi mdzukulu. Pa Zoom, kulowa ndi kumva ndi zinthu ziwiri. Mukangolowa pamatuluka kabokosi kolembedwa Wifi or Cellular Data. Kameneko kadineni, ndiko kamalumikiza mawu. Kakazimiririka musanakadine, gwirani pakati pa sikirini kamodzi, mabatani aonekera m'munsi. Kumanzere kwenikweni mukaona chithunzi cha mahedifoni cholembedwa Join Audio, dziwani kuti mawu sanalumikizidwe. Chidineni, musankhe Wifi or Cellular Data uja. Chithunzicho chisintha n'kukhala maikolofoni.

Maikolofoniyo ikakhala ndi mzere wofiira, inu mukumva koma iwo sakukumvani. Akamati "azakhali, pakamwa pakugwedera koma mawu palibe", dinani pamenepo, palembedwa Unmute. Mukamaliza kulankhula dinaninso, kuti phokoso la ana ndi wailesi lisasokoneze akuluakulu. Kamera yapambali pake ndi chimodzimodzi: mzere wofiira ndiye kuti nkhope yanu sikuoneka, dinani Start Video.

Khalani poti kuwala kukumenyeni kumaso, osati zenera kapena babu kumsana, apo ayi muoneka mdima wokhawokha. Foni muitsamiritse pa kapu patebulo, dzanja lingatope. Mawu akayamba kudukaduka, makamaka mvula yathu ya ku Mzuzu ino ikamagwa, zimitsani kamera yanu podina Stop Video. Mawu okha safuna netiweki yamphamvu, ndipo pa nkhani ya chinkhoswe chofunika ndi chakuti maganizo anu amveke.

Chinanso, ngati achimwene akugwiritsa ntchito Zoom yaulere, msonkhano umaduka wokha pakatha mphindi 40. Musadzidzimuke kuti mwalakwitsa. Dinaninso linki yomwe ija, kapena dikirani atumize ina. Zokambirana zikatha, dinani batani lofiira la Leave.

Loweruka likubwerali cha m'ma 4 koloko ndidzakutumizirani linki yanga yoyeserera, tidzalowe awiriwiri mpaka muzolowere. Mdzukuluyo akhale pambali, koma kudina mudzadine nokha.