Chidule cha mgwirizano wa yuniyoni: zomwe woimira antchito ayenera kukhala nazo m'thumba

"Andisankha kumene kukhala woimira antchito kugawo lathu. Mgwirizano wa yuniyoni ndi abwana uli ndi masamba ambirimbiri, ndipo anzanga akufuna ndiufupikitse pa nkhani za malipiro, ovataimu, madandaulo ndi tchuthi. Ndilembemo chiyani, ndisiye chiyani?"

Akulu, chiganizo chilichonse chomwe mulembe m'chidulecho chikhale ndi nambala ya ndime yomwe mwachitenga. Mukakhala patebulo ndi abwana, pepala lanu lilibe mphamvu. Mphamvu ili m'chikalata chomwe mbali ziwiri zinasainira, ndipo chidule ntchito yake ndi kukufikitsani msanga pa ndime yoyenera. Pamwamba lembani tsiku lomwe mgwirizano unayamba kugwira ntchito, tsiku lomwe uthere, ndi antchito omwe ukuwakhudza, poti nthawi zina aganyu ndi akapitawo sakhalamo.

Pomwe ndalama za anthu zimatayika kwambiri ndi pa ovataimu. Ambiri amangolemba kuti ola limodzi limalipidwa ngati ola ndi theka, n'kuthera pomwepo. Koma ola ndi theka la ndalama ziti? Fufuzani ngati akuwerengera pa malipiro enieni okha kapena akuphatikiza maalawansi, komanso nambala yomwe amagawira malipiro a pamwezi kuti apeze a ola limodzi. Pa ntchito ya maola 48 pa sabata, nambalayo imakhala 208, kutanthauza 48 kuchulukitsa ndi masabata 52 kenaka kugawa ndi miyezi 12. Pa maola 45 imakhala 195. Akagawa ndi 208 pomwe anthu amagwira maola 45, ola lililonse la ovataimu latsika mtengo popanda wina kuzindikira.

Tiyerekeze motere. Mnzanu amalandira 208,000 pamwezi, ndiye kuti 1,000 pa ola. Mgwirizano watsopano wasainidwa mu Seputembala, wakweza malipiro ndi 10 peresenti kuyambira pa 1 Julaye, ndipo ukuti ovataimu ya masiku wamba ndi ola ndi theka, ya tsiku lopuma ndi kawiri. Mu Ogasiti iye anagwira maola 10 owonjezera mkati mwa sabata ndi maola 8 pa tsiku lake lopuma. Pa mtengo wakale analandira 15,000 ndi 16,000, zonse 31,000. Pa mtengo watsopano wa 1,100 pa ola anayenera kulandira 16,500 ndi 17,600, zonse 34,100. Maariyazi akabwera, kawirikawiri amangobweza 20,800 ya mwezi uliwonse pa malipiro enieni, koma 3,100 ya ovataimu ija osaoneka. Mungaidziwe poika peyisilipi ya Ogasiti pambali pa ya maariyazi: ngati palibe mzere wa ovataimu, funsani. Koma yambani mwawerenga ndime yokweza malipiroyo, chifukwa migwirizano ina imanena mosabisa kuti kubwerera m'mbuyo kukukhudza malipiro enieni okha. Zikatero palibe mlandu, ndipo ndi bwino kumuuza mnzanuyo zoona tsiku lomwelo.

Tsopano nkhaniyo yasanduka dandaulo, ndipo apa mdani wanu ndi kalendala. Pa sitepe iliyonse lembani zinthu zitatu: dandaulo likupita kwa yani, pasanathe masiku angati, ndipo iwo ayankhe pasanathe masiku angati. Nthawi zambiri limayambira kwa kapitawo, n'kupita kwa mkulu wa gawo molemba, kenaka kwa akuluakulu a kampani pamodzi ndi a yuniyoni, ndipo likakanika limafika kwa mkhalapakati wakunja. Onetsetsani ngati masikuwo ndi antchito kapena a pakalendala, komanso ngati kuwerenga kumayamba tsiku lomwe cholakwa chinachitika kapena lomwe wantchito anachidziwa. Pa nkhani ya mnzathu uja kusiyana kwake n'kwakukulu, chifukwa ntchito anaigwira mu Ogasiti koma kuperewera anakuona atalandira maariyazi. Chimene chimandipweteka mtima ndi dandaulo lomveka bwino kufa chifukwa woimira antchito anadikira yankho la kapitawo amene anangoti "tiziona". Abwana akakhala chete mpaka masiku awo kutha, inu pitani pa sitepe yotsatira, ndipo pepala lililonse lomwe mwapereka akusainireni ndi kulembapo tsiku.

Za tchuthi musatalikitse. Lembani masiku ake pachaka, ngati otsala amaloledwa kulowa chaka china, ndi zomwe zimafunika pa tchuthi cha matenda ndi cha uchembere. Pangano nambala 132 la mu 1970 la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, limati tchuthi cholipidwa chisachepere masabata atatu antchito pachaka, ndipo maholide a boma asawerengedwe m'kati mwake, koma limamanga mayiko okhawo amene analivomereza. Choncho pambali pa ndime iliyonse ya tchuthi ikani zomwe lamulo la ntchito la dziko lanu likunena, chifukwa mgwirizano ungawonjezere pa lamulolo koma sungachotsepo. Mukamaliza, mlembi wa yuniyoni achiwerenge chidulecho musanachigawe.