Kutchula malamulo aang'ono ndi zidziwitso za mu Gazeti: nambala popanda tsiku imasocheretsa

*"Ndikumaliza kafukufuku wa chaka changa chomaliza cha zamalamulo, wokhudza ziletso za nthawi ya mliri wa korona m'maiko angapo. Aphunzitsi andibwezera mndandanda wa malamulo omwe ndagwiritsa ntchito, akuti malamulo aang'ono ndi zidziwitso za mu Gazeti sizikupezeka. Komatu maina ndi manambala ndinalemba, ndipo zikalata zina anachita kundipatsa ndi mkulu wina wa ku unduna. Pa lamulo la ku South Africa loletsa kugulitsa fodya adulapo mzere wofiira, chonsecho ndinalemba `GN R480, reg 45` monga ndinaonera kwa ena. Kodi sakungondizunza? Ndingakadandaule?"*

Musakadandaule kaye, chifukwa pa mzere wofiirawo aphunzitsi anu akulondola. Tsegulani Gazeti ya boma la South Africa nambala 43258 ya pa 29 Epulo 2020, momwe munatuluka chidziwitso cha boma cha `GN R480`, muwerenge mpaka tsamba lomaliza. Ndime 45, yomwe mwaitchula kuti `reg 45`, simuipeza. Chiletso cha fodya chilimo ndithu, koma chili pa ndime 27. Ndime 45 inabwera patatha mwezi, pa 28 Meyi 2020, pamene nduna inatulutsa `GN 608` mu Gazeti nambala 43364, n'kuwonjezera mutu watsopano m'malamulo omwe aja a mu Epulo pokonzekera kufewetsa ziletso kuyambira pa 1 Juni. Ndiye munthu wotsatira zomwe mwalembazo afika pa chikalata chenicheni, chokhala ndi dzina ndi nambala yomwe mwatchula, koma mawu omwe mukutsamirapo mulibe. Akamati sizikupezeka akutanthauza zimenezo.

Pa mndandanda panafunika kuoneka chonchi:

```
Regulations issued in terms of section 27(2) of the Disaster Management Act 57 of 2002, GN R480, GG 43258, 29 April 2020, as amended by GN 608, GG 43364, 28 May 2020
```

Kenako m'mawu a m'munsi mwa tsamba, pomwe mukukamba za fodyayo, ndi pomwe mulembe `reg 45`. Ngati chiganizo chanu chikunena za mwezi wa Meyi, ndime yoyenera ndi 27; ngati chikunena za Juni kapena Julayi, ndi 45. Chiletso n'chimodzi, koma ndime yake imadalira tsiku lomwe mukunena.

Ndichedwapo pamenepa chifukwa msampha umenewu sugwira ophunzira okha. Lamulo lalikulu, lopangidwa ndi Nyumba ya Malamulo, limasintha mwa apo ndi apo, ndipo likamasintha pamakhala mtsutso womwe aliyense amaumva. Malamulo aang'ono amapangidwa ndi nduna, khonsolo kapena mkulu wa oweruza pogwiritsa ntchito mphamvu yomwe lamulo lalikulu lawapatsa, ndipo angasinthidwe ndi chidziwitso cha tsamba limodzi chotuluka mwakachetechete. Dzina limakhala lomwelo, nambala yoyamba ija imakhalanso yomweyo, koma mawu a m'kati asintha. Nthawi zina malamulo onse amathetsedwa n'kubwera ena a dzina losiyana ndi akalewo pa mawu awiri kapena atatu, m'chaka chomwecho. Choncho funso lofunika polemba si lakuti lamuloli dzina lake n'chiyani, koma lakuti pa tsiku lomwe nkhani yanga inachitika linkanena chiyani, ndipo mawu amenewo anasindikizidwa mu Gazeti iti.

Ndinaonapo mlandu ukugwa pa zimenezi. Loya mnzanga ankaimira mayi wina wamalonda yemwe katundu wake analandidwa. Malamulo aang'ono okhudza nkhaniyo ankapereka masiku oti munthu achite apilo, ndipo mnzangayo anawerenga masikuwo m'buku lakale la malamulo lomwe linali mu ofesi mwake. Pa mndandanda wa malamulo omwe anapereka kukhoti analemba dzina, nambala ndi chaka, zonse molondola. Loya wa mbali inayo anangoimirira ndi pepala limodzi, chidziwitso cha mu Gazeti chomwe chinafupikitsa masikuwo nkhaniyo isanachitike n'komwe. Apilo inapezeka kuti inabwera mochedwa. Woweruza sanafike pofunsa ngati katunduyo analandidwa mwachilungamo kapena ayi. Sikuti nthawi zonse zimatha chonchi: pali oweruza ena omwe amaimitsa mlandu kuti munthu akakonze, mwina n'kumulipiritsa zomwe mbali inayo yawononga tsikulo, ndipo ena amalola pempho loonjezera masiku ngati lamulo likuwapatsa mpata wotero. Koma zimenezo zili m'manja mwa khoti, ndipo mayi uja mwayi umenewo sanaupeze. Mnzangayo akanadzikakamiza kulemba tsiku la Gazeti ndi zosintha zake pa mndandanda, akanayenera kuzifufuza, ndipo pofufuzapo akanalipeza pepala lija mdani wake asanalipeze. Ntchito ya mndandanda wolembedwa bwino ndi imeneyo.

Pali msampha wina womwe umayenda limodzi ndi woyambawu, wa zilembo ziwiri zija, `GN`. Mu Gazeti ya ku Malawi muli `Government Notice` komanso `General Notice`, ndipo ku South Africa n'chimodzimodzi. Zonse ziwiri munthu angazifupikitse kuti `GN`, koma chilichonse chili ndi kawerengedwe kake ka manambala. Ku Malawi malamulo aang'ono amatuluka ngati `Government Notice` m'gawo lapadera lowonjezera pa Gazeti, pomwe `General Notice` ndi zolengeza wamba za m'Gazeti yeniyeniyo, monga za malo, za makampani kapena za anthu osankhidwa pa maudindo. Mukangolemba `GN 12`, wowerenga sadziwa kuti atsegule mbali iti, ndipo poti m'maiko ambiri manambalawa amayambiranso pa 1 chaka chikayamba, sadziwanso kuti ndi 12 wa chaka chiti. Ku Kenya anasiyanitsa maina: malamulo aang'ono ndi `Legal Notice`, zolengeza ndi `Gazette Notice`. Ku Zambia ndi ku Britain malamulo aang'ono ambiri amatchedwa `Statutory Instrument`, mwachidule `SI`. Poti kafukufuku wanu akukhudza maiko angapo, lembani mtundu wa chidziwitso monga dzikolo limautchulira, ndipo pomwe `GN` ingasokoneze lembani mawu onse osafupikitsa. Musasandutse `Legal Notice` ya ku Kenya kukhala `GN` pofuna kuti mndandanda uoneke wofanana.

Tsopano za zikalata zomwe anakupatsani mkulu wa ku unduna uja. Izi zimanditopetsa, chifukwa akuluakulu ambiri a m'maofesi amagawa chikalata chomwe anachilemba pa kompyuta yawo ngati kuti ndilo lamulo, ndipo ukawafunsa kuti chinatuluka mu Gazeti iti amakuyang'ana ngati wawanyoza. Yang'anani pamwamba pa tsamba loyamba. Chikalata chochokera mu Gazeti chimakhala ndi dzina la Gazetiyo, tsiku, nambala ya chidziwitso, ndi mawu onena ndime ya lamulo lalikulu yomwe yapereka mphamvu. Pamakhalanso dzina ndi udindo wa yemwe wachipanga. Ngati pamalo a nambala kapena tsiku pali mpata wosalembapo, chimenecho n'chikalata chokonzekera chabe, ndipo mawu ake akhoza kusiyana ndi omwe anasindikizidwa. Chimodzimodzi zomwe nduna yalankhula kwa atolankhani, kapena kalata yozungulira m'maofesi: zikhoza kufotokoza lamulo, koma si lamulo. Mungazigwiritse ntchito pa kafukufuku wanu, koma zilembeni pagulu la zikalata zina za boma, n'kunena poyera kuti n'chiyani. Mukaziika pakati pa malamulo aang'ono, mzere wofiira wina ukubwera.

Samalaninso ndi masiku, chifukwa pa chikalata chimodzi pakhoza kukhala atatu: lomwe nduna inasaina, lomwe Gazeti inatuluka, ndi lomwe lamulo liyambe kugwira ntchito. Pa mndandanda timalemba la Gazeti, poti ndilo limathandiza munthu kuchipeza. Tsiku loyamba kugwira ntchito, ngati mfundo yanu ikudalira pamenepo, linenedwe m'nkhani kapena m'munsi mwa tsamba. Mwaona kale pa `GN 608` kuti inatuluka pa 28 Meyi koma ziletso zake zatsopano zinayamba pa 1 Juni.

Zotsalazo n'zosavuta. Funsani kaye kuti sukulu yanu imatsata kalembedwe kati, chifukwa malo a mpumiro ndi dongosolo la mawu zimasiyana, ndipo pa zimenezo mawu omaliza ndi a sukuluyo. Ngati ndi OSCOLA, malamulo salowa pamodzi ndi mabuku ndi nkhani za m'magazini a zamalamulo. Amakhala ndi mndandanda wawo, malamulo aakulu poyamba, aang'ono pambuyo pake, motsatira alifabeti, ndipo a dziko lililonse pansi pa mutu wa dzikolo. Lamulo laling'ono la ku Britain limalembedwa dzina, chaka, kenako nambala yake, popanda Gazeti:

```
Penalties for Disorderly Behaviour (Amendment of Minimum Age) Order 2004, SI 2004/3166
```

Dzina likopereni m'malamulowo, pa ndime yomwe amanena okha kuti azitchedwa chiyani, osati pa mutu wa nkhani ya m'nyuzi, ndipo musalimasulire kapena kulidula mawu a m'mikutiramawu, poti kawirikawiri ndi omwe amasiyanitsa lamulo ndi linzake. Chidziwitso chopanda dzina lakelake chilembeni ndi mutu womwe chili nawo mu Gazeti, lamulo lalikulu lomwe chatulukira, mtundu wake, nambala ndi tsiku. Ngati lamulo linathetsedwa kapena khoti linagamula kuti n'losavomerezeka, nenani zimenezo pomwe mwalitchula koyamba. Ngati munaliwerenga pa intaneti, tchulanibe Gazeti. Keyala ya pa intaneti ingabwere pambuyo, limodzi ndi tsiku lomwe munaitsegula, koma siilowa m'malo mwa nambala. Ndipo mukagwiritsa ntchito buku losonkhanitsa malamulo onse a dziko, onani chaka chomwe linakonzedwa komaliza, kenako fufuzani ma Gazeti otuluka pambuyo pa chakacho.

Za kudandaula, sukulu zambiri zimamva dandaulo pomwe ndondomeko yaphwanyidwa kapena pali kukondera koonekeratu, osati pomwe wophunzira sakugwirizana ndi maganizo a mphunzitsi pa ntchito yake, ndiye sindikuona kuti dandaulo lanu lingapite patali, ngakhale malamulo a sukulu yanu ndi omwe angatsimikize. Tengani mndandandawo, mutsegule Gazeti ya chilichonse chomwe mwalembapo, muone ndi maso anu kuti ndime yomwe mwatchula ilimo. Chomwe Gazeti yake yasowa, pemphani woyang'anira laibulale ya zamalamulo akuthandizeni kuifuna musanabwezere ntchitoyo kwa aphunzitsi.