Za imelo ya kwa abwana ija

"Asuweni, ndapeza zolakwika zitatu mu lipoti la ndalama zomwe tagwiritsa ntchito miyezi itatu yapitayi. Chithunzi ndi icho. Imelo ya kwa abwana ndiyambe bwanji?"

Halo... ikujambula kodi? Eya. Iwe msuweni, choyamba fufuta chithunzicho. Mapepala a kuntchito pagulupu ya banja, pomwe pali azakhali? Pofika mawa mudzi wonse ukhala ukudziwa ndalama zanu za mafuta.

Ndiye ine ndakumva. Kulemba umatha iwe, si ndiwe unkatilembera makalata a chibwenzi tonsefe? Chakuvuta ndi mantha. Lipotilo lalembedwa ndi mnzako uja mumadyera limodzi chipisi, ndiye mumtima ukuti bwanji ndingokonza mwakachetechete. Ndanama?

Ukukumbuka amalume ali kalaliki ku esiteti ya tiyi ku Thyolo? Ayi, dikira... anali atasamukira kale ku Mulanje, chaka chija cha njinga. Mnzawo analakwitsa kuwonkhetsa m'buku la malipiro. Amalume, ndi chifundo chawo chija, anatsalira mu ofesi madzulo. Kutenga tipeksi, kupaka, kuuzira kuti iume, n'kulemba nambala yoona pamwamba. Osauza munthu. Tsiku lobwera oona za mabuku, bambo wina anangotukula tsambalo pawindo, nambala yakale ija mbee, ikuonekera pansi pa tipeksi. Pamwambapo dzanja la ndani? La amalume, ndi 7 wawo wodula pakati uja. Masabata atatu ali pakhomo, amayi akunamiza anthu kuti ali pa tchuthi. Ndipotu nambala yawoyo inali yolondola! Koma panalibe kapepala kosonyeza kuti anauzako wina. Mnzawo uja? Anangoti zii. Paja unaona pamaliro a agogo, amalume atalakwitsa m'buku la chipepeso anangodula kamzere kamodzi n'kusayina pambali, anthu akudikira pamzere ndi ndalama m'manja.

Aaa, ndimati chiyani... eya, imelo. Abwana uwauze polemba, koma m'menemo mukhale manambala, dzina la munthu lisapezekemo. Nkhani yonse ndi imeneyo.

Pamutu ulembe kuti zokonza mu lipoti la Januwale mpaka Malichi. Ukawapatsa moni, usazungulire, chiganizo choyamba chinene kuti mwapezeka zolakwika zitatu, ndipo zonse pamodzi zikutsika kuchoka pa K4,870,000 kufika pa K4,657,000. Mabwana amawerengera pafoni, mizere iwiri basi. Kenako chilichonse pachokha: pamene chili, zomwe zalembedwa, zoyenera kukhalapo, kusiyana kwake, ndi lisiti yake.

Monga mafuta a Febuluwale aja. Uziti, mzere 14, palembedwa K540,000, lisiti ikuti K450,000, zitsike ndi K90,000. Osati "uje analakwitsa", ayi. "Palembedwa." Ndipo apo palibe wakuba, zala zinangosemphanitsa 4 ndi 5. Kusiyana kukamagawika ndi 9 popanda chotsala, yamba wakayikira manambala osemphana. 90,000 kugawa ndi 9, waona?

Chachiwiri, malo ogona aja a K185,000 alowa kawiri, pamzere 22 ndi 31. Koma apa... usanatumize, yang'ana nambala ya lisiti. Ikakhala imodzi m'mizere yonse iwiri, chotsa umodzi. Zikasiyana, mwina munthu anagonadi maulendo awiri pamtengo womwewo, ndiye uchita manyazi ndiwe.

Chachitatu n'chimene anthu amakonda kubisa chifukwa chimakweza ndalama. Intaneti ya Malichi, K62,000, ili pamzere 41, koma SUM ya mu Excel yathera pa D40. Wina anawonjezera mzere pansi, fomula sinautenge. Ulembe kuti ziwonjezeke ndi K62,000. Ndiye 90 ndi 185 ndi 275, kuchotsapo 62, kutsala 213. K213,000. Ukachotsa pa K4,870,000 ikupatsa ija ndanena poyamba. Ikakana kugwirizana, usatumize, chilipo chachinayi chomwe sunachione.

Umatepo zithunzi za malisiti. Fayilo yakale usaikhudze, yokonzedwayo uisunge padera ndi dzina lina. Pomaliza uwafunse kuti, kodi lipotili lapita kale ku akaunti, kapena nditumize lokonzedwali? Zimenezo agamule okha.

Mnzakoyo umuuze pamaso kaye, m'mawa, imelo isanapite, asamvere kwa abwana. Koma ipite ndithu. Manambala alembedwe, dzina lake lisalembedwe. Wamva? Usakhale amalume a tipeksi. Polemba, manambala okhaokha.

Chithunzi chija chikadalipotu. Azakhali mwina achiona kale, tayang'ana tizizindikiro tabuluu.