Chivindikiro cha botolo la jamu chakana: muyambire pati?

"Zikomo chifukwa cha zomwe mumalemba. Ine ndimakhala ku Chitakale kuno ku Mulanje, ndipo ndimaphika jamu wa chinanazi n'kuthira m'mabotolo agalasi. Miyezi yozizira ino mabotolo ena akukaniratu kutseguka. Bambo akunyumba anayesa ndi mpeni, mlomo wa botolo n'kubenthuka, jamu yense tinataya. Kodi ndikulakwitsa potseka? Nanga nditsegule bwanji osaphwanya? Ndine Nachisale."

Mayi Nachisale, pepani ndi jamu amene munatayayo, koma kutayako munachita bwino. Tizibenthu tagalasi sitioneka mu jamu, ndipo kusefa sikutichotsa tonse. Kunena za katsekedwe, simukulakwitsa ayi. Botolo lovuta kutsegula nthawi zambiri ndi lomwe linatsekedwa bwino kuposa anzake.

Ndikufotokozereni chimene chimagwira chivindikirocho, chifukwa mukachidziwa simudzatolanso mpeni. Mukathira jamu ali wotentha n'kutseka pomwepo, kampata kotsala pamwamba kamadzaza nthunzi. Botolo likamazizira nthunzi ija imasanduka timadontho tamadzi, mpweya wochepa umene unatsalira nawonso umanyala, ndiye m'kati mumakhala ngati mopanda kanthu. Kunja kuno mpweya umene tikupumawu ndi wolemera ndithu, umakankha pafupifupi kilogalamu imodzi pa kamalo kalikonse kotalika sentimita imodzi mbali zonse. Tengani chivindikiro cha masentimita 7 m'mimba mwake, ngati cha botolo la mayonezi lapakati. Pamwamba pake pali timalo totero pafupifupi 38. Mphamvu ya mpweya wa m'kati ikangotsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye kuti chivindikiro chija chikupanikizidwa ndi kulemera kopitirira makilogalamu 12. Zili ngati wina wasanjikapo ndowa yodzaza madzi, inu n'kumayesa kupotokola ndi zala.

Ndiye musanayambe kulimbana nalo, liikeni patebulo, muyendetse chala pamwamba pa chivindikiro. Chikakhala cholowa m'kati pang'ono, ndipo mukadina pakati sichikulira kapena kudumpha, dziwani kuti ndi mpweya umene wachigwira. Zivindikiro zambiri za jamu wa m'golosale zili ndi kanchombo pakati kamene anakapangira ntchito imeneyi. Kakakhala kolowa, botolo silinapume chitsekereni.

Mankhwala ake ndi supuni ya tiyi, yachitsulo cholimba. Penyani kunsi kwa mkombero wa chivindikiro. Zivindikiro zachitsulo za jamu nthawi zambiri sizikhala ndi mazinga ozungulira ponse, zimangokhala ndi timano tinayi kapena tisanu ndi kamodzi topindikira m'kati, tokola pa mizere ya galasi. Pakati pa dzino ndi dzino linzake pali mpata. Lowetsani nsonga ya supuni mumpata umenewo, msana wa supuni utsamire pa khosi la botolo, kenako kanikizani chogwirira chake pang'onopang'ono kuti mkombero ukankhidwire kunja. Simukufuna kuchizula chivindikirocho ayi. Mukungofuna kanjira kopyapyala ngati tsitsi koti mpweya ulowere. Mudzamva kuti "psii", mwina "pho", kanchombo kaja n'kudumpha. Ngati palibe chamveka, musawonjezere mphamvu pamalo omwewo. Sunthani mupite pa mpata wina, kenako winanso. Kawirikawiri pofika wachitatu latheka, ndipo chivindikiro chimene chinagonjetsa abambo chimapotokoka ndi zala ziwiri.

Supuni ndi yobulungira, imagawa mphamvu yake pa galasi. Mpeni umaika mphamvu yonse pa kadontho kamodzi, n'chifukwa chake mlomo unabenthuka. Komanso ukaterereka umalunjika ku dzanja limene lagwira botolo. Mchemwali wanga ali ndi chipsera pakati pa chala chachikulu ndi cholozera cha nkhani yomweyi, anachita kumusoka kuchipatala chifukwa cha botolo la tsabola wa kambuzi. Chionereni bala lija, sindilola munthu kutsegula botolo ndi mpeni m'khitchini mwanga, ngakhale akhale mlendo.

Tsono pali mabotolo ena amene mpweya mwaulowetsa kale, kapena munawatsegulapo sabata yatha, koma akukanabe. Amenewo wawagwira ndi shuga. Pothira jamu kapena pomutapa, timadontho timatsalira pa mlomo wa botolo, timauma, n'kumata chitsulo ku galasi ngati guluu. Kukazizira, monga masiku a chiperoni ano pamene phiri silioneka tsiku lonse, shuga wouma uja amalimba kwambiri, nako kamphira kopyapyala kamene kali kunsi kwa chivindikiro kamauma gwa. Uchi umachitanso chimodzimodzi, mwinanso kuposa jamu.

Apa m'pofunika madzi otentha, ndipo pakufunika kusamala. Musathire madzi obwadamuka kuchokera pa mbaula pa botolo lozizira. Galasi silifulumira kuyendetsa kutentha, ndiye kunja kumafutukuka m'kati mukadali mozizira, lokha n'kuthetheka. Sakanizani kapu imodzi ya madzi owira ndi kapu imodzi ya madzi a mumtsuko. Zimenezi zimakupatsani madigiri pakati pa 55 ndi 60, madzi oti chala mungoviika n'kuchotsa msanga. Thirani m'mbale yakuya pang'ono, madzi afike masentimita awiri basi. Zondotsani botolo, chivindikiro chokha ndicho chimire, mimba ya botolo ikhale kunja. Dikirani mphindi imodzi, ngati shuga ndi wambiri ziwiri kapena zitatu. Vuulani, pukutani msanga ndi kansalu kouma, potokolani chisanazizire. Mukachedwa ndi kucheza mwataya ntchito yonse.

Anthu ambiri amati chitsulo chimafutukuka kwambiri kuposa galasi, basi nkhani yathera pomwepo. Ndi zoona koma pang'ono chabe. Chivindikiro cha masentimita 7 chija chikatenthedwa ndi madigiri 40 chimakula ndi kachigawo kosafika n'komwe kunenepa kwa tsitsi limodzi, ndipo galasi nalo limakula, kungoti mocheperapo. Chimene chimathandiza n'chakuti chitsulo ndi chopyapyala, chimatentha msanga galasi lisanayambe. N'chifukwa chake ndikuti mumize chivindikiro chokha, komanso musachisiye nthawi yaitali. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi madzi amene alowa kunsi kwa mkombero n'kusungunula shuga, ndi kutentha kumene kwafewetsa kamphira kaja. Kwa zivindikiro zapulasitiki, ngati za chiponde, nkhani ndi ina. Pulasitiki imafutukuka kangapo kuposa chitsulo, ndiye madzi ofunda kwa theka la mphindi amakwanira. 

Ndinaziona bwino izi mwezi wathawu ndi uchi umene ndinagula cha ku Likhubula. Unali m'botolo lagalasi lakale la jamu, ndipo unakhala m'kabati milungu itatu. Nditadina pakati, chivindikiro chinalira "tiki tiki", kusonyeza kuti si mpweya. Pa khosi panali mzere wa uchi wouma, wotuwa ngati mchenga. Supuni sindinaitole n'komwe. Ndinazondotsa botolo m'mbale ya madzi osakaniza aja, patatha mphindi ziwiri madzi anayamba kusintha mtundu kuzungulira mkombero. Nditapukuta n'kupotokola, chinangosuntha pang'ono n'kuima. Ndinachibwezera m'madzi mphindi inanso imodzi, chinatseguka. Ndikanayamba ndi supuni ndikanangopinda chivindikiro chabwinobwino pachabe.

Mphamvu ndiyo yomalizira, ndipo ngakhale apo vuto nthawi zambiri si kuchepa kwa mphamvu koma kuterera. Dzanja lonyowa kapena lamafuta limangozungulira pamwamba pa chitsulo. Pezani mphira wa chubu chakale cha njinga, yemwe uja timamangira katundu pa kaliyala. Mutsukeni, mudule kachidutswa kotalika ngati mkono, mukulunge mothina kuzungulira mkombero kawiri kapena katatu. Botolo liikeni pa kansalu konyowa patebulo kuti lisayende, kapena wina aligwire ndi manja awiri. Gwirani ndi chikhatho chonse, osati nsonga za zala, chigongono chikhale pafupi ndi thupi, mupotokole ndi phewa. Mukayang'ana kuchokera pamwamba, chivindikiro chiyende motsutsana ndi mivi ya wotchi. Zimaoneka ngati zosafunika kunena, koma munthu akagwira botolo chozondoka kapena cham'mbali amasokonezeka, n'kumalimbitsa chimene akufuna kumasula.

Kwa agogo amene zala zimawawawa, lamba wachikopa amathandiza. Mulowetseni m'chitsulo chake ngati mukumanga m'chiuno, mumuveke pa chivindikiro, mukoke mchira wake mozungulira mbali yomasulira, mwakuti mukamakoka lamba azithina. Zikatero mukukoka ndi mkono wonse. Zonse zikakanika, boolani kabowo kamodzi pakati pa chivindikiro ndi msomali woyera, mpweya ulowe. Chivindikiro chimenecho chatha ntchito, ndipo jamuyo mudye msanga.

Kontena yapulasitiki ya nsima kapena ndiwo, monga zimene anthu amanyamula popita kothyola tiyi, imagwidwa ndi mpweya womwewu ikatsekedwa chakudya chili chotentha. Musakoke pakati. Tukulani ngodya imodzi yokha ndi chala kapena chogwirira cha supuni mpaka ipume. Chivindikiro cha poto chikamatirira poto atazizira, mubwezereni pamoto pang'ono, nthunzi ichikankha yokha.

Koma pali botolo limodzi limene ndikukupemphani, mayi, musaliike m'madzi otentha ngakhale pang'ono. Ndi lija chivindikiro chake chatukumukira kunja. Limenelo silinagwidwe ndi mpweya wakunja, likukankhidwa ndi wa m'kati, chifukwa zomwe zilimo zayamba kusasa, monga limachitira botolo la thobwa logonetsa. Kulitenthetsa n'kuwonjezera mphamvu imeneyo. Jamu wotero, kaya ali ndi thovu, nkhungu kapena fungo la mowa, ndi wotaya osalawa, ndipo musamugulitse. Ngati mukufuna kupulumutsa botolo, likulungeni ndi nsalu yokhuthala, mutsegulire panja, kutali ndi nkhope ndi ana.

Pa mphika wotsatira, mukathira jamu pukutani mlomo wa botolo ndi kansalu koyera koviika m'madzi owiritsa musanatseke, musiye mpata wa pafupifupi sentimita imodzi pamwamba. Tsekani ndi mphamvu ya dzanja lanu basi, musachite kuitana munthu kuti adzathinitse, chifukwa kuzizira kudzamalizitsa kokha. Ndipo chivindikiro chimene mwachitsegula ndi supuni muchiike padera. Mkombero wake umakhala utapindika pang'ono ngakhale maso asaone, ndiye n'choyenera jamu wodya sabata yomweyo, osati wosunga mpaka chinanazi china chidzapse.