Zopsa mtima pakhomo zija

"Asisi ndithandizeni, dzulo ndawakalipira alamu anu mpaka kuponya kapu kukhoma chifukwa chongondifunsa za mayunitsi a magetsi, ana anathawira kuchipinda. Chikhalirecho kuntchito sindikwiyira munthu. Chikundivuta nchani, ndipo zikayamba ndizitani?"

Aaa achimwene ndamva, pepani ndikujambula mawu ndili pamoto ndiye mukamva mapoto musadabwe. Ine funso langa loyamba ndi loti dzulolo masana munadya? Chifukwa ndimakudziwani inu, tiyi wammawa basi mpaka madzulo, kenako mzere wa minibasi, mwezi uli pakati mthumba mulibe kanthu, mwina abwana anakuyankhulaninso zokhoma inu nkungoti chabwino bwana. Zonsezo mwasenza tsiku lonse, ndiye pofika pakhomo munali mutadzadza kale, mayunitsiwo anangopezako. Kuntchito mumadzigwira poti mukudziwa kuti mukatsegula pakamwa ntchito yatha, pomwe alamuwo mumadziwa kuti mawa muwapeza ali pompo. Nchifukwa chake zimaphulikira kwa amene timawakonda, si kuti ndi amene atilakwira kwambiri ayi.

Ndiye pali zimene makutu anu anamva. Iwo anati mayunitsi atha, koma inu munamva ngati akuti mwalephera kusamala banja, eti? Ine zinkandichitikira ndi ana, mwana akangoti mayi kusukulu akufuna ndalama ndisanatule ndi chikwama chomwe, ndinkamva ngati onse akundiona ngati banki, basi kukalipa mpaka aneba kusuzumira. Tsiku lina ndinakhala pansi nkuwerenga masiku amene ndinakalipa, ndinapeza kuti pafupifupi onse inali nthawi yomweyi yongofika kumene, ndili ndi njala. Tinapangana kuti ndikalowa andisiye kaye ndisambe ndidye, nkhani za ndalama zibwere pambuyo. Inunso kambiranani zimenezi ndi alamu, koma pa tsiku loti kuli bata, osati moto uli mkati.

Tsopano zikayamba. Thupi limachenjeza pakamwa pasanatseguke, ine ndimamva kutentha kukhosi ndi kumakutu, ena amaluma mano, ena manja amanjenjemera, mtima kuthamanga. Pali munthu wina wa ku America, John Gottman, amene wafufuza za mabanja zaka zambiri, amati mtima ukamagunda kupitirira ka 100 pa mineti munthu samvanso bwino zimene mnzake akunena, ndipo pamafunika mphindi zosachepera 20 kuti thupi libwerere mmalo. Mutha kudziyeza nokha, gwirani pamkono apa pamene pamagunda, werengani kwa masekondi 15, mukapitirira 25 ndiye kuti mwadutsa 100 ija. Pamenepo musayese zoti tikambirane, palibe chanzeru chituluke.

Chochita nchakuti munene mawu ochepa, "ndapsa mtima, ndituluka kaye ndibwera pakatha theka la ola tikambe." Kunenako nkofunika achimwene, chifukwa mukangomenyetsa chitseko nkumapita alamu aziona ngati mwawanyoza, akutsatirani panja ndipo iyambiranso pakhonde. Mukatuluka yendani pang'onopang'ono, kokani mpweya ndi mphuno kuwerenga mpaka 4, kutulutsa pang'onopang'ono mpaka 6 kapena 8, kutulutsako kuzitalika kuposa kukoka, ndi kumene kumatsitsa mtima. Kusukusula ndi madzi ozizira kumathandizanso.

Koma apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ine ndemwe. Umatuluka inde koma mmutu ukuzenga mlandu, ukukonza zokamuyankha, ukukumbuka ndi za chaka chatha zomwe, ndiye umabwerera utatentha kuposa mmene unatulukira. Mphindi 20 zija zimagwira ntchito pokhapokha mutu uli pa zina, werengani magalimoto odutsa, thirirani ndiwo kuseri, chilichonse. Ndipo zija amanena anzanu zoti menya khoma kapena phwanya kanthu mkwiyo utuluke, ayi, zimangowonjezera moto ndipo dzanja limazolowera. Kupita ku bala nako ayi, mowa umachotsa kamabuleki kochepa kamene katsalako. Foninso isiyeni, musamalembe mameseji muli choncho.

Mukabwerako dziyeseninso, ngati kukhosi kukutenthabe onjezerani nthawi koma muwauze. Zikazizira bwererani ku nkhani ya mayunitsi ija muimalize, musangoikwirira.

Za kapu zija sindikubisirani, zandidetsa nkhawa, chifukwa ana akafika pothawira kuchipinda ndiye kuti akuopa bambo awo. Lero muwaitane anawo muwauze kuti ndinalakwitsa kukalipa, si inu munalakwa, ndipo popepesa alamu musaikemo "koma nanunso". Zikachitikanso zoponya zinthu, kapena mukaona kuti dzanja likufuna kupita pa munthu, musadikire, tiitane ankhoswe komanso mupite kuchipatala mukafunse oona za maganizo. Ndiwo zikupserera apa, ndikuimbirani mukaweruka, koma mudye kaye.